Mwatumiza kotesheni yolakwika mtengo: mmene mungaikonzere kasitomala osakutayani

Anthu ambiri a misiri ndi a mabizinesi aang'ono amadziwa kulemba kotesheni, koma amasowa chogwira akazindikira kuti imene anatumiza dzulo ili ndi mtengo wolakwika. Ena amangokhala chete n'kugwira ntchitoyo moluza. Ena amatumiza pepala lina mwakachetechete poganiza kuti kasitomala saona kusiyana kwake, ndipo ena amanamizira dola. Njira zitatu zonsezi zimathawitsa kasitomala kuposa cholakwa chenichenicho. Amene akukugulani akhoza kukhululuka nambala yolakwika ngati waimva kwa inu, msanga, ndi chifukwa chake choona. Chimene sakhululuka n'kuitulukira yekha.

Malangizo ali m'munsiwa atsatira chitsanzo chimodzi. Muli ndi shopu yopala matabwa ndi kuwotcherera. Mayi wina amene ali ndi sukulu ya pulaiveti wapempha mtengo wa madesiki 40 a miyendo yachitsulo. Mtengo wanu ndi K85,000 pa desiki, koma polemba zala zinasemphana mukalemba K58,000. Kotesheni inapita ikunena K2,320,000 m'malo mwa K3,400,000. Manambalawa ndi ongoyerekezera. Inu muikepo anu.

Zofunika kukhala nazo pafupi musanayambe

- Kotesheni imene munatumiza, momwe kasitomala anailandirira, osati imene ili m'mutu mwanu.
- Pepala kapena kope limene munawerengerapo mtengo.
- Mitengo ya lero ya zipangizo, kuchokera kumene mumaoda.
- Mauthenga onse a pa WhatsApp kapena imelo pakati pa inu ndi kasitomala.
- Umboni wa ndalama iliyonse imene walipira kale: lisiti, uthenga wa kubanki, wa Airtel Money kapena wa Mpamba.
- Mayunitsi okwanira oimbira foni, ndi malo opanda phokoso la makina.

1. Werengeraninso kotesheni yonse, osati mzere wolakwikawo basi

Mukangoona cholakwa, mtima umakuuzani kuti muimbe foni pompo. Dikirani kaye ola limodzi. Kukonza kamodzi kasitomala amamva, koma mukabweranso mawa n'kunena kuti mwapeza china, ayamba kukayikira pepala lililonse lochokera kwa inu.

Yambani pamwamba, mzere ndi mzere. Onani chiwerengero cha katundu, mtengo wa chimodzi, ndi zimene zikutuluka mukachulukitsa. Onani ngati munaikamo thiransipoti ndi malipiro a anyamata. Ngati munalembetsa za VAT ku MRA, onani ngati msonkhowo uli m'kati, komanso ngati pepalalo likunena poyera kuti ulimo kapena mulibe. Ngati mumagwiritsa ntchito Excel, dinani pa bokosi la zonse pamodzi muone ngati fomula ikutenga mizere yonse. Kawirikawiri munthu amaonjezera mzere pansi, fomula n'kutsala pamene inali:

```
=SUM(D4:D9)
```

pamene katundu wafika pa mzere wa 11.

Pomaliza gawoli mukhale ndi manambala atatu olembedwa pambali. Woyamba ndi mtengo umene munatumiza, K58,000. Wachiwiri ndi ndalama imene inu mumawononga popanga desiki limodzi: matabwa K28,000, zitsulo K24,000, penti ndi mabauti ndi ndodo zowotcherera K7,000, anyamata K9,000, zonse pamodzi K68,000. Wachitatu ndi mtengo woyenera, K85,000. Nambala yapakatiyo ndiyo yofunika kwambiri, ndipo ndi imene ambiri amapita kokambirana asakuidziwa. Apa ikuonetsa kuti mukalola mtengo wolakwikawo simungotaya phindu lokha, mutulutsanso K10,000 m'thumba mwanu pa desiki lililonse, ndiye kuti K400,000 pa oda yonse.

Chenjezo: ngati pali munthu wina amene amadziwa ntchito yanu, mpatseni awerengere payekha musanamuuze yankho lanu. Diso limene linalakwitsa koyamba limadumphanso pomwepo.

2. Onani pamene nkhani yafika

Zimene munganene kwa kasitomala zidalira zimene iye wachita kale ndi pepala lanulo.

Ngati sanayankhe, muli pabwino. Kotesheni imene sinavomerezedwe mukhoza kuibweza n'kupereka ina, malinga uthenga wobweza umufike iye asanavomere. N'chifukwa chake nkhaniyi siyofunika kugona nayo.

Ngati wavomera kale, kaya ndi uthenga wakuti "yambani ntchito", kaya ndi pepala la oda lochokera ku ofesi yawo, kaya ndi dipoziti, ndiye kuti pali pangano. Apa simungalamule mtengo watsopano. Mungathe kupempha basi. Malankhulidwe anu asonyeze zimenezo. Ngati ndalama zake ndi zambiri zoti zikhoza kugwetsa bizinesi, kapena munasainirana mgwirizano, onanani ndi loya musanalembe kalata yokana mtengowo.

Pali funso lina limene silionekera pa pepala: kodi kasitomala wauza kale ndani za mtengo wanu? Mayi wa sukulu uja mwina anatenga makotesheni atatu, n'kusiya ena awiri chifukwa yanu inali yotsika. Mwina wauza kale komiti ya makolo kuti madesiki 40 apezeka ndi K2,320,000. Ndiye kuti cholakwa chanu chikamuchititsa manyazi pamaso pa anthu ena, ndipo manyaziwo amapweteka kuposa ndalama. Muyenera kupita kwa iye mukudziwa zimenezi.

3. Sankhani nokha kaye: musenza kapena mukambirana?

Si cholakwa chilichonse chofunika kukweza nacho mtengo. Mukanakhala kuti munalemba K83,000 m'malo mwa K85,000, kusiyana kwake ndi K80,000 pa oda yonse ndipo phindu lilipobe. Zoterozo senzani. Ine ndimaona kuti ndi bwino kumuuzabe kasitomala m'mawu ochepa, kuti "mtengo uwu ndinaulemba motsika, koma ndiulemekeza pa oda ino, oda ina udzakhala K85,000." Mukapanda kunena, chaka chamawa adzabwera ndi pepala lakalelo n'kudabwa kuti mwakweza bwanji.

Koma pamene mtengo wolakwika uli pansi pa ndalama yopangira katundu, monga m'chitsanzo chathu, kusenza mwakachetechete n'koopsa kwa nonse awiri. Ndalama ikatha pa desiki la 30, mudzayamba kuzemba mafoni, kapena kudya dipoziti ya kasitomala wina kuti mumalize. Pamapeto pake mayi uja adzalandira madesiki mochedwa ndi osalimba, zomwe zikanapeweka ndi foni imodzi yowawa.

Musanaimbe, dziikireni malire. Lembani mtengo wotsikitsitsa umene mungalole. Usakhale K68,000 ndendende, chifukwa thabwa limang'ambika, chitsulo chimadulidwa molakwika, ndipo magetsi akazima mufunika mafuta a jenereta. M'chitsanzo chathu tinene kuti malire ndi K75,000. Pa mtengo umenewo mutsala ndi K7,000 pa desiki m'malo mwa K17,000, ndipo mwasenza K400,000 ya cholakwa chanu pa phindu limene mukanapeza.

4. Imbani foni, kapena pitani komweko

Nkhani yokweza mtengo isayambe ndi uthenga wolemba. Uthenga umawerengedwa munthu ali pakati pa zina, ndipo amangoona nambala yokwerayo popanda kumva mawu anu. Ngati kasitomala ali pafupi ndipo ndalama ndi zambiri, pitani. Apo ayi imbani foni. Lankhulani ndi munthu amene munamutumizira kotesheniyo, osati bwana wake. Mukamudumpha mwamuika pamavuto.

Mukalonjerana, musazungulire. Nenani zinthu zinayi motsatizana: chalakwika n'chiyani, walakwitsa ndani, kusiyana kwake ndi ndalama zingati, ndipo mwabweretsa njira zotani. Zingamveke chonchi:

"Mayi, ndakuimbirani pa nkhani ya kotesheni ya madesiki ija. Muli cholakwa, ndipo ndalakwitsa ndine. Mtengo wa desiki ndi K85,000, koma ndinatembenuza manambala n'kulemba K58,000. Ndiye kuti zonse pamodzi zimayenera kukhala K3,400,000, osati K2,320,000. Pepani kwambiri, ndikudziwa kuti mwina mwapanga kale bajeti ndi mtengo umenewu. Ndati ndikuuzeni lero lomwe musanapite nayo patali. Ndili ndi njira zingapo zoti tione, ngati muli ndi mpata."

Mukatero khalani chete. Apa ndi pamene ambiri amawonongera. Chete wa pa foni amaopsa, ndiye munthu amayamba kubwebweta: za mavuto a kunyumba, za kukwera kwa zitsulo, za mnyamata wa mu ofesi. Musiyeni kasitomala alankhule, ngakhale akalipe. Akanena kuti "Ndiye mwandigwiritsa fuwa la moto, anzanu aja ndawakana kale," musatsutse. Yankhani kuti, "Zoona mayi, ndakuikani pamalo ovuta." Kenako funsani kuti bajeti yawo yafika pati ndiponso madesikiwo akufunika liti. Mayankho a mafunso awiriwa ndi amene akuuzeni njira yoyenera.

Chenjezo lalikulu: musanamizire kukwera kwa zinthu ngati sichifukwa chake. N'zoona kuti mitengo imasintha. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makotesheni ambiri anafa tsiku limodzi, ndipo makasitomala anamvetsa chifukwa zinali poyera. Koma kunena kuti zitsulo zakwera pamene inu munangolakwitsa kulemba ndi bodza losavuta kugwira. Kasitomala aimba foni imodzi ku sitolo ya zipangizo, n'kumva kuti mtengo sunasinthe sabata yonse. Kuyambira pamenepo sakuonaninso ngati munthu amene analakwitsa, akuonani ngati wakuba.

Ngati akukayikira, muonetseni umboni. Kotesheni imene munapatsa kasitomala wina mwezi watha ya desiki lomwelo pa K85,000, mutabisa dzina la mwini wake, imathetsa nkhani msanga kuposa kulumbira.

5. Perekani njira zoti asankhe yekha

Pepani sapoletsa chilonda. Kupepesa kuyenera kubwera ndi chinthu chimene inu mwataya, chooneka ndi maso. Ndipo kasitomala akapatsidwa njira ziwiri kapena zitatu amamva kuti chiwongolero chikadali m'manja mwake.

Kwa mayi wa sukulu, njira yoyamba ndi kugawana cholakwa: madesiki onse 40 pa K75,000, zonse pamodzi K3,000,000. Nenani poyera kuti mtengo weniweni ndi K85,000 ndipo mwachotsa K10,000 pa desiki chifukwa munalakwitsa ndinu. Iye aonjezera K680,000 pa imene ankayembekezera, inu mwataya K400,000.

Njira yachiwiri ndi ya pamene bajeti singasunthe. Ndi K2,320,000 imene ali nayo, pa K75,000 apeza madesiki 30 pa K2,250,000. Madesiki 10 otsalawo mungalonjeze kudzapanga teremu ikubwerayi. Koma samalani ndi lonjezo limeneli: ngati mukuti mtengo udzakhala womwewo, lembani tsiku limene lonjezolo lidzathere, chifukwa simudziwa kuti matabwa adzakhala pa zingati miyezi inayi ikubwerayi.

Njira yachitatu ndi kumumasula. Muuzeni kuti ngati akuona kuti ndi bwino abwerere kwa anzanu aja, simudandaula, ndipo dipoziti yake mubweza yonse. Njira imeneyi imaopsa kuitchula, koma ndi imene imatsimikizira kasitomala kuti simunatchere msampha wa mtengo wotsika kuti mumukole. Ngati munalandira dipoziti, musaigwiritse ntchito kugula zipangizo kufikira nkhaniyi itatha. Kunena kuti "ndibweza" ndalama mutadya kale n'kudziika m'mlandu wachiwiri.

Pali njira inanso imene ena amakonda: kusintha katundu kuti akwane mtengo, monga kugwiritsa ntchito chitsulo chopyapyala kapena thabwa la mtengo wotsika. Zimatheka pokhapokha kasitomala wauzidwa, waona chitsanzo, ndipo wavomera. Pa madesiki okhala ana, ine sindingalangize zochepetsa chitsulo.

Nanga akakana zonse n'kunena kuti pangano ndi pangano? Ngati anavomera kale kotesheniyo, ali ndi poimira. Werengerani ngati mungapirire kuluza K400,000 popanda kugwa. Ngati mungathe, ndipo ndi kasitomala wobwerabwera, gwirani ntchitoyo bwinobwino ngati kuti walipira mtengo wonse. Ngati simungathe, nenani zoona lero, bwezani ndalama yake, ndipo muthandizeni kupeza mmisiri wina nthawi ikadalipo.

Musakakamize yankho pa foni pomwepo. Mwina akufunika kukambirana ndi anzake. Gwirizanani tsiku loyankha.

6. Lembani kotesheni yatsopano tsiku lomwelo

Zimene mwakambirana pakamwa ziikeni pa pepala dzuwa lisanalowe. Kotesheni yatsopano ikhale ndi nambala yosonyeza kuti ndi yokonzedwa: ngati yoyamba inali Q-047, iyi ikhale Q-047-B, ndi deti la lero. Pamwamba lembani chiganizo chimodzi chakuti kotesheni iyi ikulowa m'malo mwa Q-047 ya tsiku lakuti, imene yathetsedwa.

Pa mzere wa madesiki onetsani mtengo weniweni wa K85,000, ndipo pansi pake muike mzere wa kuchotsera K10,000 pa desiki. Musangolemba K75,000 yokha, chifukwa ikatero imasanduka mtengo wanu wa masiku onse, ndipo mayi uja akauza mnzake wa sukulu ina, nayenso adzafuna womwewo. Lembaninso masiku amene mtengowo ugwire ntchito, monga masiku 14, tsiku lopereka katundu, ndi ndalama ya dipoziti. Ngati analipira kale theka la mtengo wakale, K1,160,000, ionetseni ndi kuichotsa, kuti pa K3,000,000 patsale K1,840,000.

Musasinthe china chilichonse chimene simunatchule pa foni. Kasitomala adzaika mapepala awiriwo pamodzi n'kuyerekeza mzere ndi mzere. Akapeza kuti thiransipoti nayo yakwera mwakachetechete, zonse zimene munamanga pa foni zagwa.

Tumizani ngati PDF, ndi mawu ochepa:

"Mayi, zikomo pondimvetsera lero. Nayi kotesheni yokonzedwa, Q-047-B, yolowa m'malo mwa Q-047. Chasintha ndi mtengo wa desiki wokha, monga tinakambirana. Pepaninso chifukwa cha cholakwa changa. Mukagwirizana nayo, chonde ndiyankheni pano kuti tiyambe ntchito."

Ngati kasitomala akayankha kwa komiti kapena kwa bwana wake, mpatseninso kalata yaifupi yokhala ndi chidindo chanu, yonena kuti cholakwacho chinali chanu. Kalata imeneyi imamuteteza kuti asaganiziridwe kuti wagwirizana nanu kukweza mtengo kuti adyepo. M'maofesi ambiri chimene munthu wogula katundu amaopa kwambiri n'chimenecho.

7. Dikirani chivomerezo cholembedwa, kenako sungani tsiku

Musadule thabwa kufikira atayankha molemba kuti wavomera Q-047-B. Mawu akuti "chabwino, tiona" si chivomerezo. Ngati kampani kapena sukuluyo inatulutsa pepala la oda pa mtengo wakale, pemphani latsopano, chifukwa a ku akaunti amalipira zimene zili pa oda, osati zimene munagwirizana pa foni. Invoisi yanu idzatchule nambala ya kotesheni yatsopanoyo.

Kuchokera apa kasitomala akuyang'anitsitsani. Ngati munati madesiki afika Lachisanu sukulu isanatsegulidwe, afike Lachisanu. Mutumizireni chithunzi cha madesiki oyamba akangotha, asanafunse. Ndipo nkhani ya cholakwacho musaibwerezebwereze, munapepesa, zatha.

Ngati munalakwitsa mokweza mtengo

Nthawi zina cholakwa chimakomera inu: munawerengera thiransipoti kawiri, kapena munaika madesiki 44 m'malo mwa 40. Njira ndi yomweyo, ndipo foni yake ndi yosavuta. Imbani, nenani, tumizani kotesheni yokonzedwa, ndipo ngati analipira kale bwezani yapamwambayo tsiku lomwelo. Musanene kuti "tidzachotsera pa oda ina" pokhapokha iye atapempha yekha.

Tenda ndi nkhani ina

Ngati kotesheni yanu inapita ku tenda ya boma kapena ya bungwe, yoikidwa mu envulopu yomata, musaimbire foni munthu wa m'kati kuti akusinthireni mtengo. Kugula katundu kwa boma m'Malawi kumayang'aniridwa ndi PPDA ndipo kuli ndi malamulo ake. Nthawi yotsekera isanakwane, nthawi zambiri mumaloledwa kubweza pepala lanu n'kuika lina kudzera m'kalata. Ikakwana, mtengo susinthidwa. Chimene oyesa tenda amakonza ndi masamu okha, monga kuchulukitsa kolakwika, ndipo kawirikawiri amatsatira mtengo wa chinthu chimodzi umene munalemba. Ndiye kuti K58,000 uja angautenge kuti ndiwo mtengo wanu. Werengani chikalata cha tendayo pa gawo la kubweza ndi kukonza, chifukwa kutuluka mochedwa kungakuluzitseni chikole chimene munapereka.

Zolakwa zimene anthu amachita kawirikawiri

Kufufuta uthenga. Kudina "Delete for everyone" pa WhatsApp n'kutumiza pepala lina sikubisa kanthu. Pamatsala chizindikiro chakuti uthenga wafufutidwa, ndipo mwina kasitomala anasunga kale pepalalo kapena kulitumiza kwa ena. Lisiyeni pomwepo, latsopano libwere pansi pake.

Kudikira mpaka pa invoisi. Ena amagwira ntchito yonse, kenako n'kulemba mtengo woyenera pa invoisi, n'kumafotokoza katundu atatsitsidwa kale. Apa kasitomala alibenso mwayi wosankha, ndipo ali ndi chifukwa chomveka chokanira kulipira yapamwambayo.

Kuloza chala wantchito. Kunena kuti "ndi mtsikana wa mu ofesi" kumauza kasitomala kuti mapepala amatuluka pa shopu panu inu osawaona. Ngakhale atalemba ndi wina, dzina la pamwamba pa pepala ndi lanu. Za wantchitoyo mukakambirane kuseri.

Kubisala kumbuyo kwa timawu ta pansi pa pepala. Makotesheni ena amakhala ndi mzere wakuti mitengo ikhoza kusintha, kapena wakuti zolakwa zikhoza kukonzedwa. Mzerewo ndi wothandiza ndipo ndi bwino kukhala nawo, koma mukayamba nawo kukambirana, kasitomala amamva kuti mwabwera kudzalimbana. Utchuleni pokhapokha nkhani yafika povuta.

Kutsitsa mopitirira chifukwa cha manyazi. Kasitomala akakwiya, munthu amapezeka wavomera K65,000 kuti nkhani ithe, mtengo umene uli pansi pa K68,000 yopangira. Pepala la malire lija likhale patsogolo panu nthawi yonse imene muli pa foni, ndipo mukapanikizika nenani kuti, "Mayi, ndiloleni ndiwerengerenso, ndikuimbirani madzulo ano."